Makwerero otsamira khoma angapendeke mpaka pati asanaterereke? Mafunso ndi mayankho

Ena mwa mafunso ali m'munsimuwa anandifunsa ophunzira a chaka choyamba cha uinjiniya amene ndimawathandiza fiziki madzulo kuno ku Kabwata mu Lusaka. Ena anandifunsa alamu anga, amene amapenta nyumba za anthu, atagwa ndi makwerero ku Mtendere n'kuthyoka dzanja. Ophunzirawo ankafuna kukhoza mayeso, alamu ankafuna kudziwa chimene chinawagwetsa, koma masamu oyankha onsewo ndi amodzi. Pa tsamba lonseli ndikanena ngodya θ ndikutanthauza ngodya ya pakati pa makwerero ndi pansi. Makwerero oima chilili ali pa madigiri 90, ogona pansi ali pa 0.

Makwerero akangotsamira khoma, ndi mphamvu ziti zimene zili pa iwo?

Imani kutali pang'ono ndi khoma, mutsamire ndi manja awiri thupi lili lowongoka. Mumva khoma likukukankhani m'zikhatho, ndipo mapazi anu akufuna kuthawira kumbuyo. Mukachita zimenezi mutavala masokosi pa simenti yopaka polishi, mudzipeza muli chafufumimba. Makwerero amakumana ndi zomwezo.

Mphamvuzo ndi zinayi. Pali kulemera kwa makwerero, W, kumene kumakokera pansi, ndipo ngati makwererowo ndi ofanana kuyambira kumiyendo mpaka kumutu timakuika pakati penipeni. Pali kukankha kwa pansi, N, kolunjika m'mwamba pamene miyendo yaponda. Pali kukankha kwa khoma, R, kumene kumakankha mutu wa makwerero chopingasa kuchoka kukhoma. Yachinayi ndi firikishoni, F, kugwirana kwa miyendo ndi pansi, imene imakaniza miyendo kuti isathawe, choncho imaloza kukhoma.

Kuti makwerero akhale phee, mphamvu zokwera ziyenera kufanana ndi zotsika, ndipo zopita kukhoma zifanane ndi zochoka kukhoma. Tikaganiza kaye kuti khoma ndi losalala, losagwira chilichonse, ndiye kuti:

N = W

F = R

Mzere wachiwiriwo ndiwo mtima wa nkhaniyi. Mphamvu iliyonse imene khoma likukankhira mutu wa makwerero, firikishoni wa kumiyendo ndiye ayenera kuibweza yonse, palibenso wina womuthandiza.

Ndiye ngodya yochepetsetsa timaipeza bwanji?

Tifunika lamulo lachitatu, loti makwerero asatembenuke. Mphamvu yotembenuza chinthu, imene kusukulu timaitchula momenti, ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pamalo otembenukira. Mtundawo uyenera kuyezedwa molunjika ku mzere umene mphamvuyo ikudutsa. Womasula mabawuti a tayala amaidziwa bwino nkhaniyi: sipanala ikakana amavekapo paipi kuti mtunda utalike.

Malo otembenukira tingasankhe paliponse, koma wanzeru amasankha pamiyendo, chifukwa N ndi F zikudutsa pomwepo ndipo momenti yawo ndi ziro. Zotsala ndi ziwiri. Makwerero akakhala otalika L, kulemera W kukudutsa pamtunda wa (L/2) cos θ kuchokera pamiyendo, ndipo kukufuna kugwetsera makwerero kukhoma. Kukankha R kuli pamwamba, pamsinkhu wa L sin θ, ndipo kukukaniza. Ziwirizi zifanane:

R × L sin θ = W × (L/2) cos θ

L amachoka mbali zonse, n'kutsala:

R = W / (2 tan θ)

Onani zimene zikuchitika. Makwerero akamapendeka, tan θ imachepa, R imakula, ndipo firikishoni wofunika naye amakula. Koma firikishoni ali ndi malire. Sangapose μN, pamene μ, chilembo chotchulidwa kuti myu, ndi nambala yosonyeza mmene zinthu ziwirizo zimagwiranirana. Popeza N = W, tiyenera kukhala ndi W / (2 tan θ) ≤ μW. W nayenso amachoka:

tan θ ≥ 1 / (2μ)

Ngati μ ndi 0.5, makwerero opanda munthu amaima mpaka pa madigiri 45. Ngati ndi 0.4, tan θ iyenera kufika 1.25, omwe ndi madigiri 51.3. Pamalo oterera a 0.25 pafunika madigiri 63.4. Kutalika kwa makwerero ndi kulemera kwake sizikuonekamo m'yankholi. Makwerero aatali a matabwa ndi aafupi a aluminiyamu amayamba kuterereka pa ngodya imodzi, malinga μ wawo ndi wofanana ndipo palibe amene wakwerapo.

Yankho limeneli ndi lokongola ndipo ndi limene lili m'mabuku ambiri. Koma ndimawauza ophunzira anga kuti asalitengere kuntchito, chifukwa palibe amene amaimika makwerero kuti angowayang'ana.

Nambala ya μ ndiidziwa bwanji pakhonde langa?

Imeneyi si nambala ya makwerero okha kapena ya pansi pokha, ndi ya ziwirizo zikakumana. Mphira pa konkire youma yokhakhala imagwira kwambiri. Mphira yomweyo pa matayilosi onyowa, kapena thabwa pa simenti yopukutidwa ndi polishi wofiira uja amene amayi athu amanyadira, zimagwira pang'ono. Fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala likakhala pa matayilosi limachita ngati timipira tating'ono pansi pa miyendo. Chiyambire Novembala vuto limasanduka madzi ndi ndere.

Kuyeza n'kotheka pakhomo. Tengani chidutswa cha thabwa kapena mphira yofanana ndi ya kumiyendo ya makwerero anu, muchiike pansi, musanjikepo katundu wolemera makilogalamu 10 pamodzi ndi chidutswacho. Kolekani sikelo ya mbedza, ngati ija ya ogulitsa nyemba ku msika wa Soweto, mukoke chopingasa pang'onopang'ono. Ngati katundu wayamba kusuntha sikelo ili pa makilogalamu 4, μ ndi 4 kugawa ndi 10, kutanthauza 0.4. Bwerezani katatu, mutenge nambala yaing'ono kwambiri. Kenako thirani madzi pang'ono muyezenso, mudabwa mmene itsikire.

Kukula kwa chidutswacho kulibe kanthu kwenikweni. Guillaume Amontons wa ku Faransi analemba mu 1699 kuti firikishoni amatsatira mphamvu yopanikiza, ndipo sadalira kukula kwa malo okhudzana. N'chifukwa chake kukhomera thabwa lalikulu kumiyendo ya makwerero sikuwonjezera kugwira pa simenti yosalala. Kumathandiza pa dothi lofewa pokha, kuti miyendo isamire.

Ndinawagwedeza ndi manja, anali olimba. Ndinakwera masitepe angapo, anali olimbabe. Anandigwetsa bwanji?

Ili ndi funso la alamu anga, ndipo ndilo lofunika kuposa onse pano.

Tsiku limenelo ankapenta thabwa la m'mphepete mwa denga pa nyumba ina. M'munsi mwa khoma munali maluwa a mwini nyumba, ndiye kuti asawaponde anakokera miyendo ya makwerero kutali, pa simenti yosalala ya pabwalo. Nditapita kukawaona kunyumba, dzanja lili mu pulasitala, anandiuza kuti: “Alamu, ine ntchito imeneyi sindinayambe dzulo. Ndinawayesa bwinobwino. Ndafika pamwamba, chitini cha penti chili kumanja, ndinangomva kwee! pansi, basi khoma likuthamanga m'maso mwanga.”

Sindinapite kukayeza pamalopo, koma manambala otsatirawa ndi oyandikira ku zimene anandifotokozera. Makwerero a mamita 5, olemera makilogalamu 15. Munthu pamodzi ndi penti ndi zida, makilogalamu 75. Kuti masamu apepuke tinene kuti kilogalamu imodzi imalemera manyutoni 10, nyutoni pokhala muyeso wa mphamvu, ndiye W ndi manyutoni 150, ndipo kulemera kwa munthu, P, ndi manyutoni 750. Titenge μ wa 0.4, ndi ngodya ya madigiri 55, zomwe zikuika miyendo pafupifupi mamita 2.9 kuchokera kukhoma.

Makwerero okha amafuna madigiri 51.3, ndiye pa 55 aima bwino. Kuwagwedeza ndi manja sikungaulule kanthu.

Tsopano munthu akwere, afike pamtunda x kuchokera pamiyendo, kuyeza motsatira makwerero. Pansi pakunyamula onse awiri, choncho N ndi 150 kuphatikiza 750, manyutoni 900. Malire a firikishoni ndi 0.4 kuchulukitsa 900, manyutoni 360. Nambala imeneyi sisintha, kaya munthu ali pa sitepe yoyamba kaya yomaliza. Chimene chimasintha ndi kukankha kwa khoma, chifukwa munthu akamakwera kulemera kwake kumatalikira miyendo ndipo momenti yake imakula:

R = (W/2 + P × x/L) / tan θ

Pa madigiri 55, tan θ ndi 1.428. Munthu akakwera mita imodzi, R ndi (75 + 150) kugawa ndi 1.428, pafupifupi manyutoni 158. Malire ndi 360, ndiye sanafike n'theka lomwe. Apa makwerero ndi okhazikika kuposa mmene analili opanda munthu, chifukwa kulemera kwake kwapanikiza miyendo pansi koma sikunayambe kukankha khoma kwambiri. Aliyense amene ali m'munsi mwa pakati pa makwerero amawalimbitsa. Ndi pamenepa pamene mtima umakhala m'malo, munthu n'kunena kuti zili bwino.

Pa mamita 2, R yafika 263. Palibe chomveka, palibe chogwedera. Pa mamita 3, R ndi 368, yadutsa 360. Malire enieni ali pa mamita 2.93, cha pa sitepe ya nambala 10 ngati masitepe atalikirana masentimita 30, mapazi a munthu ali mamita 2.4 kuchokera pansi.

Firikishoni sachenjeza. Amapereka mphamvu yokwanira ndendende imene ikufunika, mwakachetechete, kufikira pamalire ake. Pa 350 makwerero ali phee ngati mmene analili pa 150. Ndipo akangoyamba kusuntha zinthu ziwiri zimaipa nthawi imodzi: firikishoni wa chinthu choyenda kale nthawi zambiri amachepa poyerekeza ndi wa chinthu choima, ndiponso miyendo ikamathawa ngodya imachepa, R n'kumakulirakulira. N'chifukwa chake makwerero oterereka saima panjira. Nditawalembera alamu manambalawa kuseri kwa katoni ya mankhwala, anakhala chete kanthawi, kenako anati, “Ndiye kuti masitepe oyamba aja amanama.” Ndinawayankha kuti sanama, amangoyankha za pamene munthu waima, za pamwamba sadziwa.

Nanga akanawaimika pa ngodya yanji kuti afike pamene ankafuna?

Tinene kuti ankafuna kuima pa mamita 4 mwa mamita 5 aja. Tifuna kuti R isapose μN:

tan θ ≥ (W/2 + P × x/L) / (μ × (W + P))

Pamwamba pa mzere tili ndi 75 kuphatikiza 750 × 0.8, zomwe ndi 675. Pansi pa mzere tili ndi 360. Kugawa kukupereka 1.875, ndiye θ ndi madigiri 61.9. Miyendo isatalikire khoma kuposa mamita 2.35. Taonani kusiyana kwake: makwerero okha 51.3, okwerapo munthu 61.9. Madigiri oposa 10 amenewa ndi amene amasowa m'mutu mwa munthu woyesa makwerero ndi manja.

Komabe 61.9 si ngodya yogwirira ntchito, ndi m'mphepete mwa phompho. Pa ngodya imeneyo kutsokomola kokha kungakugwetseni. Komanso tadalira μ wa 0.4 amene sitikumudziwa motsimikiza. Pakakhala fumbi kapena chinyezi μ n'kutsika kufika 0.25, pansi pa mzere pamakhala 225, tan θ imakhala 3, ndipo ngodya yofunika ndi madigiri 71.6. Akatsika kufika 0.2, ndi madigiri 75.1. Makwerero omwewo, munthu yemweyo, khoma lomwelo.

Lamulo lija la “imodzi pa zinayi” limachokera kuti?

Lamuloli limati pa mamita 4 alionse okwera m'mwamba, miyendo italikire khoma mita imodzi. Zikatero tan θ ndi 4, ngodya ndi pafupifupi madigiri 76, ndipo malangizo ambiri a chitetezo pantchito amangoti madigiri 75. Bungwe la boma la Amereka loona za chitetezo cha ogwira ntchito, OSHA, limanena mosiyana pang'ono, kuti mtunda wa pansi ukhale gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa makwerero kuyambira pamiyendo kufika pamene atsamira. Izi zimapereka madigiri 75.5. Kusiyanako n'kochepa.

Masamu athu akuonetsa ubwino wake. Ganizirani zoipitsitsa: munthu wolemera kwambiri pa makwerero opepuka, ataima pamutu penipeni. Pamenepo W sawerengedwa, x ndi wofanana ndi L, ndipo fomula ija imasanduka tan θ ≥ 1/μ. Ndi tan θ ya 4, makwerero agwira malinga μ wafika 0.25. Kunena kwina, lamuloli limakutetezani pamalo alionse amene μ wake waposa 0.25, mosayang'ana kulemera kwanu kapena pamene mwafika.

Kwa alamu anga, pa mamita 4, R ikanakhala 675 kugawa ndi 4, manyutoni 169. Malire ndi 360. Akanatsala ndi mpata woposa theka. Pa makwerero a mamita 5 miyendo ikanakhala pafupifupi mamita 1.2 kuchokera kukhoma, pakati pa maluwa aja.

Ngati mulibe tepi, imani zala za kumapazi zitakhudza miyendo ya makwerero, muwongole thupi, mutambasule manja kutsogolo molingana ndi mapewa. Zikhatho zikafika bwino pa sitepe, ngodya yayandikira. Mukachita kuwerama kuti mufikire, makwerero apendeka kwambiri. Pa mpanda wa mabuloko mungawerengenso mizere: msinkhu wa pamene mutu watsamira muugawe kanayi.

Khoma lenileni si losalala. Kodi pulasitala wokhakhala sathandiza?

Amathandiza, koma pang'ono kuposa mmene anthu amaganizira. Mutu wa makwerero ukamafuna kutsika, khoma lokhakhala limaukaniza ndi firikishoni woloza m'mwamba. Titchule μ wa pansi kuti μ₁, wa khoma μ₂. Pamene makwerero atsala pang'ono kuterereka, malo onse awiri amakhala pamalire, ndipo kwa makwerero opanda munthu yankho limakhala:

tan θ ≥ (1 − μ₁μ₂) / (2μ₁)

Ndi μ₁ wa 0.4 ndi μ₂ wa 0.3, pamwamba ndi 0.88, pansi ndi 0.8, tan θ ndi 1.1, madigiri 47.7. Poyamba tinapeza 51.3, ndiye tapindula madigiri atatu ndi theka. Koma muikepo munthu uja pa mamita 4, ngodya yochepetsetsa imangotsika kuchoka pa 61.9 kufika pa 60.9. Digiri imodzi. Katundu yense akanakhala pamutu penipeni, phindu likanatheratu.

Palinso chobisika. Firikishoni wa khoma amanyamulako gawo la kulemera, ndiye miyendo imapanikizidwa pansi mocheperako, ndipo kugwira kwa pansi kumatsika. Amapereka ndi dzanja ili n'kulandako ndi linalo. Ine ndimawerengera ngati khoma ndi losalala nthawi zonse, kaya ndi la njerwa zosapaka. Chimene khoma lingawonjezere chikhale mpata wapadera. Ndiponso malo ambiri amene anthu amatsamiritsa makwerero mu Lusaka, monga ngalande ya malata, chitsulo cha nsanja ya thanki kapena khoma la penti wonyezimira, ndi osalaladi.

Kwa ophunzira, pali mfundo ina. Khoma likakhala ndi firikishoni, zosadziwika zimakhala zinayi pamene malamulo a kukhazikika ndi atatu. Ngati makwerero sali pamalire oterereka, simungapeze mphamvu iliyonse payokha ndi malamulo atatuwo. Funso limayankhika pokhapokha litanena kuti makwerero atsala pang'ono kuterereka.

Makwerero olemera a matabwa ndi abwino kuposa a aluminiyamu?

Pa nkhani yoterereka yokha, olemera amapambana pang'ono, chifukwa amakokera pakati pa kulemera konse m'munsi. M'chitsanzo chathu, makwerero a makilogalamu 30 amafuna madigiri 60.8, a makilogalamu 8 amafuna 62.6. Kusiyana kosakwana madigiri awiri sikungakusankhireni makwerero. Yang'anani kumiyendo. A aluminiyamu amene mphira zake zinatha n'kutsala chitsulo chokha ndi oopsa pa matayilosi, chimodzimodzi a milimo ya bulugamu amene nsonga zake zinasalala ndi kukwekwerezedwa pa simenti.

Munthu wogwirira pansi amathandizadi?

Zimadalira mmene akugwirira. Wogwira m'mbali ndi manja ataima chilili, maso ali pa foni, sangabweze makwerero amene ayamba kuthawa. Koma akaponda pa sitepe yoyamba ndi thupi lake lonse, masamu amasintha kwambiri.

Tibwerere pa madigiri 55 aja, wokwera ali pa mamita 4. Popanda wothandiza, R ndi 675 kugawa ndi 1.428, manyutoni 473, pamene malire ndi 360. Agwa. Tsopano mnyamata wa makilogalamu 60 aime pa sitepe yoyamba, masentimita 30 kuchokera pamiyendo. N yakwera kufika 1500, malire a firikishoni afika 600. Kukhoma wangowonjezerako pang'ono, R yafika 498. Makwerero agwira.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti chitetezo chonse chili pa mnyamatayo. Wina akamuitana kuti abweretse ndowa, iye n'kutsika, wapamwamba amagwa nthawi yomweyo osasuntha n'komwe. Choncho wothandiza asakhale chifukwa choimikira makwerero pa ngodya yolakwika. Ngati malo akukakamizani kupendeketsa, mangani chingwe kuchokera pa sitepe ya m'munsi kupita pa chinthu cholimba cha kukhoma, kapena pa dothi khomani zikhomo kuseri kwa miyendo. Kumanga mutu wa makwerero kumtanda wolimba n'kwabwino koposa, chifukwa kumaletsanso kugwera m'mbali.

Bwanji osangowaimika pafupifupi chilili kuti nkhani yoterereka itheretu?

Chifukwa R yomweyo imene imavutitsa miyendo ndi imenenso imagwiriziza mutu kukhoma. Pa madigiri 76 tinapeza manyutoni 169. Pa madigiri 85, tan θ ndi 11.4, ndipo R yatsika kufika 59, ngati kulemera kwa makilogalamu 6 okha.

Ganizirani woika dishi ya wailesi yakanema kapena mapanelo a sola, akuboola khoma ndi dirilo pafupi ndi mutu wa makwerero. Akamakankha dirilo kukhoma, khoma limamukankha iye chobwerera. Mphamvu imeneyo imachotsedwa pa R. Akakankha ndi mphamvu yoposa manyutoni 59, zomwe n'zosavuta kwa munthu wamkulu, mutu wa makwerero umachoka pakhoma ndipo amagwa chagada. Kuweramira kumbuyo polandira katundu kumachita zomwezo. Ndiye madigiri 75 ali pakati pa ngozi ziwiri: m'munsi mwake miyendo imathawa, pamwamba pake mutu umachoka.

Pa mayeso, ophunzira amalakwitsa pati?

Kawirikawiri ndimapeza kuti asokoneza ngodya. Mafunso ena amapereka ngodya ya pakati pa makwerero ndi khoma, ndipo pamenepo sin ndi cos zimasinthana, yankho n'kukhala tan ≤ 2μ, ngodya yaikulu kwambiri yololedwa. Jambulani chithunzi, mulembe mitunda iwiriyo musanayambe fomula iliyonse.

Cholakwa chachiwiri n'chozama. Ambiri amalemba F = μN paliponse pamene aona firikishoni. Izi n'zoona pamalire pokha. Funso likati makwerero aima pa madigiri 70, pezani firikishoni, yankho ndi F = R kuchokera ku momenti, ndipo μN mumangoigwiritsa ntchito poona ngati yakwanira. Ena amaiwala kuika kulemera kwa munthu mu N, amangokuika mu momenti.

Mukapeza yankho, liyeseni ndi nzeru za tsiku ndi tsiku. Makwerero akayandikira madigiri 90, R iyenera kuyandikira ziro. μ akachepa, ngodya yofunika iyenera kukwera. Fomula yanu ikanena zosiyana ndi izi, pena pake sin yalowa m'malo mwa cos. Onaninso kuti kakyuleta ili pa DEG osati RAD: tan 45 iyenera kupereka 1.

Masamuwa salongosola chiyani?

Onsewa ndi a munthu woima duu pa makwerero owongoka, poyang'ana kuchokera m'mbali. Munthu wokwera mothamanga kapena wodumphira pa sitepe amapanikiza kuposa kulemera kwake kwa kanthawi. Makwerero aatali amapindika n'kumanjanja. Mwendo umodzi ukakhala pa simenti wina pa dothi, kapena pansi pakakhala potsetsereka kuchoka kukhoma monga mmene makonde ambiri amamangidwira kuti madzi azitsika, malire amafika msanga kuposa mmene tawerengera. Ndipo kugwera m'mbali, kumene kumachitika munthu akamanyanyamphirira kuti apente kachigawo kotsala m'malo motsika n'kusuntha makwerero, ndi funso lina lofuna chithunzi choyang'ana kutsogolo. Pamenepo lamulo la amisiri ndi loti lamba wa thalauza asatuluke kunja kwa mitengo iwiri ya m'mbali.

Alamu anga anabwerera kuntchito dzanja litapola. Pa mtengo wa m'mbali wa makwerero awo a mamita 5 analembapo mzere ndi penti wofiira pa mita imodzi ndi masentimita 20 kuchokera pamiyendo. Akafika pa nyumba amagoneka makwerero pansi, miyendo itagunda khoma, n'kuika mwala pamene pali mzerewo, ndipo miyendo amaiimika pa mwalapo. Pakakhala maluwa, amapempha mwini nyumba kuti ayalepo thabwa.